K9,900 kapena K10,000: momwe mungasankhire malekezero a mtengo pa bizinesi yaing'ono

Aliyense amene analowapo m'masitolo akuluakulu a ku Gateway Mall kapena a ku Old Town anaonapo mitengo yothera pa 9, monga K4,999 ndi K19,990. Ambiri a ife amene tili ndi mashopu ang'onoang'ono ku Area 25, ku Kawale kapena ku Biwi timatengera kalembedwe kameneka poganiza kuti popeza akuluakulu amatero, ndiye kuti n'kopindulitsa paliponse. Ine ndakhala ndikugulitsa ziwiya za m'nyumba kwa zaka zingapo, ndipo zimene ndaona n'zakuti 9 amathandiza pokhapokha zinthu zitatu zikakumana: nambala yoyamba ya mtengo isinthe, mtengowo ukhale wolembedwa ndi wosanenerera, ndiponso chenji chikhalepo m'manja mwanu. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, 9 amangokudyerani phindu, ndipo nthawi zina amakuchotserani ulemu pamaso pa kasitomala. M'munsimu ndafotokoza njira yoyendera katundu wanu mmodzimmodzi kuti mudziwe woyenera 9 ndi woyenera mtengo wathunthu.

Gawo loyamba: onani ngati nambala ya kumanzere ikusintha

Munthu amawerenga mtengo kuyambira kumanzere, ndipo maganizo ake amayamba kuyeza kukula kwa mtengowo asanafike pa nambala yomaliza. Akaona K9,900, chimene chimakhala m'mutu mwake ndi "naini sauzande ndi kenakake", pamene akaona K10,000 amamva kuti walowa m'gulu lina la mitengo, ngakhale kuti kusiyana kwake ndi K100 yokha. Akatswiri awiri a zamalonda, Manoj Thomas ndi Vicki Morwitz, anasindikiza kafukufuku wawo pa nkhaniyi mu 2005, ndipo anapeza kuti anthu amaona mtengo wa madola 2.99 ngati wotsika ndithu kuposa wa madola 3.00, koma saona kusiyana kotere pakati pa madola 3.59 ndi 3.60. Kusiyana kwa ndalama n'kofanana pa mitengo iwiriyi, koma pa woyambawo 3 wasanduka 2, pamene pa wachiwiriwo 3 wakhala momwemo.

Tanthauzo lake kwa inu ndi losavuta. Tengani kope limene mumalembamo mitengo, ndipo muike chizindikiro pa katundu amene mtengo wake waima pa malire penipeni, monga K1,000, K2,000, K5,000, K10,000 kapena K20,000. Ameneyu ndiye katundu amene kumutsitsa pang'ono kungasinthe nambala yoyamba. Katundu wa K6,500 musamuvutitse pomulemba K6,490, chifukwa 6 wakhala momwemo ndipo mwangodzipatsa ntchito yosaka K10. Malire amphamvu kuposa onse ndi amene amachepetsa kuchuluka kwa manambala, monga kuchoka pa K10,000, amene ali ndi manambala asanu, kufika pa K9,900, amene ali ndi anayi. Diso limaona kufupika kwa mtengowo lisanauwerenge n'komwe.

Gawo lachiwiri: yambani ndi chenji chimene muli nacho, osati 9 amene mukufuna

Pano ndi pamene ambiri timagwera, ndipo ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali. Kalembedwe ka 99 kanachokera kumayiko kumene kandalama kakang'ono kwambiri kankayenda m'matumba mwa anthu tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 zilipo mwalamulo, koma ndi anthu ochepa amene amayenda nazo, ndipo ngakhale ndalama zapepala za K20 ndi K50 zimavuta kuzipeza zokwanira pa shopu yaing'ono. Mukalemba K4,999, mwalonjeza kasitomala K1 imene inu ndi iye mukudziwa kuti simudzam'patsa.

Ndinaphunzira zimenezi pa mapoto amene ndinawalemba K2,999 chaka china. Mayi wina wachikulire, amene ankagula kwa ine kawirikawiri, anatulutsa K3,000 m'kachikwama kamene anamanga pa nsonga ya chitenje, n'kuipereka, kenako n'kuima osachoka. Nditamufunsa ngati panali china chimene ankafuna, anayankha modekha kuti, "Mwanawanga, ine ndikudikira chenji changa. Ngati poto ndi wa K3,000, lembani K3,000, tonse tidziwe chimodzi." Kumbuyo kwake kunali anthu ena awiri amene anamva mawu amenewa. Mayiyo sankalimbana ndi K1 imene singagule ngakhale machesi, koma ankanena kuti chimene chalembedwa pa katoni ndi chimene chikuchitika pa kauntala n'zosiyana. Madzulo omwewo ndinachotsa mapepala onse othera pa 999.

Choncho lamulo la gawo lino ndi lakuti malekezero a mtengo achokere pa ndalama yaing'ono kwambiri imene mumakhala nayo yokwanira tsiku lililonse. Ngati m'kabati mwanu mumapezeka ma K100 ambiri, mitengo yanu ikhale K1,900, K4,900, K9,900. Ngati mumatha kusunga ma K50, mungathe kulemba K950, K1,950 kapena K4,950. Pa katundu wodula monga matiresi kapena sitovu ya gasi, malekezero oyenera ndi a K500 kapena K1,000, mwachitsanzo K49,500 kapena K99,000. Mphamvu ya nambala ya kumanzere simuitaya pochita zimenezi, chifukwa 4 wa mu K4,900 ndi yemweyo wa mu K4,999.

Kenako werengani chenji chimene mtengo watsopanowo udzafuna. Kuyambira mu 2022, pamene Banki Yaikulu ya Malawi inatulutsa ndalama yapepala ya K5,000, munthu wogula katundu wa K5,000 amangopereka pepala limodzi n'kumapita. Mukatsitsa mtengowo kukhala K4,900, kasitomala aliyense adzafuna K100, ndipo ngati mumagulitsa katundu wotere 30 patsiku, muyenera kutsegula shopu muli ndi ma K100 okwana 30, kuwonjezera pa chenji cha malonda ena onse. Ngati simungakwanitse, mudzayamba kutuma mwana kukasinthitsa ndalama kwa wa okala yoyandikana nayo pamene makasitomala akudikira, kapena mudzayamba kupereka masiwiti m'malo mwa chenji. Anthu amalandira siwitiyo mosanyinyirika poyera, koma ambiri sakondwa nayo, ndipo amene sakondwawo kawirikawiri sanena kanthu, amangoyamba kugula kwina.

Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena pa Mpamba kumachotsa vuto la chenji, chifukwa munthu angathe kutumiza K4,999 yeniyeni. Komabe musakhale ndi mitengo iwiri pa katundu mmodzi, wina wa pafoni ndi wina wa ndalama m'manja. Ndiponso ngati mumauza kasitomala kuti awonjezere yotapira, dziwani kuti mwaphwanya nokha chimene 9 anamanga, popeza munthu amene anakopeka ndi K9,900 akupezeka kuti walipira kuposa K10,000. Ndi bwino kuwerengera ndalama yotapirayo mu mtengo wogulira katundu musanaike mtengo wogulitsira.

Gawo lachitatu: siyanitsani katundu wolembedwa mtengo ndi wonenerera

Nambala 9 imagwira ntchito pa diso, ndipo imafuna mtengo umene sudzasuntha. Mu msika wa Tsoka, pamene wogulitsa kaunjika amatchula mtengo pakamwa ndipo wogula amayamba kunenerera nthawi yomweyo, mtengo woyamba ndi poyambira chabe. Mukati jekete ndi K9,900, wogula adzati "ndili ndi seveni", ndipo mudzakumana pa K8,000 kapena K8,500. Mukanayamba pa K10,000, mwina mukanakumana pamwamba pang'ono. Pa malonda onenerera, K100 imene mwachotsa mwaipereka kukambirana kusanayambe, ndipo wogula sakuiwerengera ngati chisomo chanu. Kuli bwino kusunga ndalamayo kuti mudzaichotse pamapeto, pamene wogula adzaimva kuti waipeza ndi pakamwa pake.

N'chimodzimodzi ndi zogulitsa pa mulu, monga tomato, anyezi ndi usipa mu msika wa Lizulu. Kumeneko mtengo umatsata ndalama yapepala imene ili m'manja mwa wogula, ndipo chimene chimasintha ndi kukula kwa mulu ndi basera amene mumaika pamwamba. Tomato mmodzi wowonjezera m'jumbo amakumbukiridwa kuposa K50 yochotsedwa pa mtengo.

Choncho 9 musungireni katundu wa pa shelefu amene ali ndi pepala la mtengo looneka bwino, ndiponso katundu amene mumamutsatsa ndi chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, pamene munthu amaona mitengo ya ogulitsa angapo motsatizana n'kumayerekeza mwachangu. Onetsetsani kuti mtengo wa pa pepala ndi umene mukulipiritsa pa kauntala, chifukwa kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndi nkhani imene wogula angakadandaule nayo ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC.

Gawo lachinayi: werengani kuti K100 ikudya gawo lanji la phindu lanu

Ili ndi gawo limene limalekanitsa kuganiza ndi kudziwa. K100 imene mukuchotsa sichokera pa mtengo wonse, imachokera pa phindu lokha, ndipo chifukwa cha zimenezi kulemera kwake kumasiyana kwambiri pakati pa katundu wina ndi mnzake. Tiyerekeze shopu ya ziwiya ndi zakudya pafupi ndi msika wa Nsungwi, ndipo titenge katundu wamitundu itatu. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongochitira chitsanzo, inu muikepo yanu.

Woyamba ndi fulasiki ya tiyi. Mwini shopu amaoda imodzi pa K7,200, ndipo akagawa ndalama ya kabaza, ya majumbo ndi yotapira pa katundu yense, fulasiki iliyonse imafika pa shelefu itadya K7,500. Amaigulitsa K10,000, choncho phindu ndi K2,500, ndipo akagulitsa 24 pamwezi amapeza K60,000. Akatsitsa mtengo kufika pa K9,900, phindu pa fulasiki imodzi likhala K2,400. Kuti adziwe kuchuluka kumene ayenera kugulitsa kuti asaluze, agawe phindu lonse lakale ndi phindu latsopano la chinthu chimodzi: K60,000 kugawa ndi K2,400 ndi 25. Akungofunika kasitomala mmodzi wowonjezera pamwezi wonse, ndipo aliyense wopitirira pamenepo ndi phindu latsopano. Apa kuyesa 9 n'kwanzeru, chifukwa chimene angataye n'chochepa, ndipo malire amene akudutsa ndi aja amphamvu, ochoka pa manambala asanu kufika pa anayi.

Wachiwiri ndi paketi ya shuga. Amaoda pa K2,800 n'kugulitsa K3,000, phindu K200, ndipo mapaketi 200 pamwezi amam'patsa K40,000. Akalemba K2,900, phindu latsika kufika pa K100, ndiye kuti ayenera kugulitsa mapaketi 400 kuti apeze K40,000 yomweyo. K100 imodzimodziyo, imene pa fulasiki inali kagawo kakang'ono, pa shuga yadya theka la phindu, ndipo palibe 9 amene angachulukitse makasitomala kawiri. Kuwonjezera apo, mtengo wa shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira anthu amaudziwa pamtima chifukwa amagula mlungu uliwonse, choncho saweruza ndi nambala yoyamba koma ndi mtengo umene analipira dzulo. Katundu wotere musiyeni pa mtengo wathunthu umene ukugwirizana ndi ndalama zapepala, kuti mzere uziyenda msanga.

Wachitatu ndi beseni lalikulu lochapira, ndipo ili ndi limene limaonetsa njira imene ambiri saiganizira. Limafika pa shelefu litadya K3,500 ndipo amaligulitsa K4,600, phindu K1,100, mabeseni 30 pamwezi, zonse pamodzi K33,000. Mtengo wa K4,600 uli kale pansi pa malire a K5,000, choncho 9 angamufikire pokweza m'malo motsitsa. Pa K4,900 phindu likhala K1,400, ndipo K33,000 kugawa ndi K1,400 ndi pafupifupi 24. Izi zikutanthauza kuti ngakhale atataya makasitomala 6 mwa 30 aja, sanaluze kanthu, ndipo popeza nambala yoyamba idakali 4, n'zotheka kuti sataya ochuluka chotero. Chenji nachonso chapepuka, chifukwa pa K5,000 akubweza K100 m'malo mwa K400.

Kukweza kotereku kuli ndi umboni wake. Eric Anderson ndi Duncan Simester anachita kafukufuku ndi kampani ina ya ku America yogulitsa zovala za amayi kudzera m'timabuku totumizidwa kunyumba za makasitomala, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 2003. Diresi limodzimodzi analiika pa madola 34, 39 ndi 44 kwa magulu osiyana a makasitomala, ndipo linagulidwa kwambiri pa madola 39, kuposa ngakhale pa mtengo wotsika wa 34. Anapezanso kuti 9 ankathandiza kwambiri pa katundu watsopano amene makasitomala sankadziwa mtengo wake. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ine ndimaiona kukhala yofunika kwa ife, chifukwa ikufotokoza kusiyana kwa fulasiki ndi shuga: munthu akakhala kuti alibe mtengo wina m'mutu woyerekezera nawo, amadalira maonekedwe a mtengo umene wauona. Koma chenjerani pa beseni ngati shopu yoyang'anizana nanu ili ndi lofanana nalo pa K4,500 lolembedwa poonekera, chifukwa pamenepo wogula ali nacho choyerekezera, ndipo K400 ya kusiyana adzaiona.

Gawo lachisanu: dzifunseni uthenga umene mtengowo ukupereka

Mtengo wothera pa 9 umauza munthu kuti pano mpotchipa, ndipo wakhala ukutero kwa nthawi yaitali. Tomáš Baťa, amene anayambitsa kampani ya nsapato ya Bata imene timaidziwa kuno, ankadziwika kwawo ku Czechoslovakia ndi mitengo yothera pa 9, ndipo cholinga chake chinali kugulitsa nsapato zambiri kwa anthu wamba. Uthenga umenewu ndi wabwino pa mabeseni, ma slipasi ndi makapu. Koma si bizinesi iliyonse imene imafuna kumveka yotchipa.

Telala amene akusoka diresi la ukwati, mayi wophika keke ya chinkhoswe, wojambula zithunzi pa mwambo, kapena kalipentala wopanga mipando ya pabalaza, onsewa akugulitsa luso la manja awo, ndipo kasitomala wawo akuopa kwambiri ntchito yoipa kuposa mtengo wokwera. Keke ya K80,000 imamveka ngati mtengo umene mwini wake wauyeza n'kuima nawo, pamene ya K79,900 imamveka ngati yotsala pa shelefu imene akufuna kuichotsa. Kafukufuku wa Monica Wadhwa ndi Kuangjie Zhang wa mu 2015 analoza komweku, kuti pa zinthu zimene munthu amagula motsogozedwa ndi mtima, monga za chikondwerero, mtengo wathunthu umamveka woyenera kuposa wokhala ndi timanambala kumapeto. Palinso chifukwa china cha ntchito yeniyeni: pa maoda otere kasitomala amapereka theka poyamba, ndipo theka la K80,000 aliyense amaliwerenga m'mutu n'kulikumbukira pa tsiku lodzatenga katundu, pamene theka la K79,900 limafuna foni ndi kope, ndipo limatsegula mpata wa kusamvana. Pa bokosi la maliro ndi zina zonse za pa zovuta, musaikepo 9 ngakhale pang'ono, chifukwa munthu wolira sayenera kumva kuti mukumukopa.

Ngakhale m'shopu imene 9 ndi woyenera, musamuike pa chilichonse. Shelefu yonse ikakhala ya 900, diso limazolowera ndipo palibe chimene chimaoneka chapadera. Sankhani katundu wochepa amene mukufuna kuti aitane anthu, makamaka amene mumamuika pakhomo kapena pa chithunzi chotsatsira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yesani, ndipo muyese moti zotsatira zikhale zokhulupirika

Musasinthe mtengo lero n'kuweruza Loweruka. Malonda a mu Lilongwe amatsata kwambiri masiku a malipiro, moti mlungu wa kumapeto kwa mwezi sufanana ndi wa pakati pa mwezi, ndiponso nyengo ya kukolola ndi kugulitsa fodya ku Kanengo sifanana ndi Januwale, pamene ndalama zapita ku fizi ndi feteleza. Mukaika K9,900 pa tsiku la 25 la mwezi ndi kuona mafulasiki akuyenda, mwina ndi malipiro amene agwira ntchito, osati 9.

Njira yabwino ndi kuyesa kwa miyezi iwiri yathunthu yotsatizana imene ilibe chikondwerero chachikulu, mwezi woyamba pa mtengo wakale ndi wachiwiri pa watsopano, kuti mtengo uliwonse ukumane ndi kumapeto kwa mwezi kamodzi. M'nthawi imeneyi musasinthe china chilichonse: katunduyo akhale pa malo omwewo, pepala la mtengo likhale la kukula komweko, ndipo asathe pa shelefu, chifukwa masiku atatu opanda katundu amawononga chiwerengero chonse. Tsegulani tsamba m'kope, mulembe tsiku, kuchuluka kwa zimene zagulidwa ndi phindu, ndipo muwonjezere mzere wina wolembamo nthawi iliyonse imene chenji chasowa. Sankhaninso katundu wina wofanana naye amene simumusintha mtengo, mwachitsanzo maketulo, kuti akuuzeni ngati mwezi wonsewo unali wabwino kapena woipa. Mafulasiki akakwera pamodzi ndi maketulo, ndiye kuti wakweza ndi mwezi.

Pali malire amene muyenera kuwavomereza. Pa katundu amene amagulidwa pafupifupi 25 pamwezi, kukwera kapena kutsika ndi 5 kumachitika kokha popanda chifukwa chilichonse, choncho kuchoka pa 24 kufika pa 27 sikukutsimikizirani kanthu. Kuti muone chenicheni, sinthani katundu wamitundu isanu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi, onse oima pa malire ndi okhala ndi phindu lokwanira, n'kuphatikiza ziwerengero zawo kuti zifike mazana. Ndipo poweruza yang'anani phindu lonse la mwezi, osati kuchuluka kwa zogulidwa, chifukwa n'zotheka kugulitsa zambiri koma kutsala ndi ndalama zochepa.

Zizindikiro zakuti 9 akukupwetekani zimaoneka msanga kwa munthu amene amakhala pa kauntala. Makasitomala akamatchula okha mtengo wathunthu, monga kunena kuti "ndipatseni ija ya teni", ndiye kuti akudziwa katunduyo ndipo 9 sakuwasuntha. Mzere wa kusowa kwa chenji ukamadzaza m'kope, mtengowo ukukudyerani nthawi. Ndipo madzulo ndalama za m'kabati zikamapitirira pang'ono zimene kope likunena, funsani wogulitsa wanu mofatsa, chifukwa kawirikawiri zimatanthauza kuti ma K100 a makasitomala sakubwezedwa.

Gawo lomaliza: konzekerani tsiku limene mtengo woodera udzakwere

Mtengo wa K9,900 uli ngati mpanda umene mwadzimangira, ndipo m'dziko limene mitengo yoodera imasintha pafupipafupi, mpanda umenewu ungathe kukutsekerani mkati. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera m'masiku ochepa, ndipo wogulitsa aliyense amene anakakamira pa mtengo wake wakale poopa kudutsa malire anali kudya mpamba wake, chifukwa ndalama imene ankalandira sinkakwanira kuoda katundu wina wolowa m'malo.

Choncho pa katundu aliyense wa 9 lembani m'kope phindu lotsikitsitsa limene mungalole, powerengera mtengo umene mudzaodere mawa, osati umene munaodera mwezi watha. Tibwerere ku fulasiki ija. Mwini shopu wanena kuti sangatsike pansi pa K2,000 pa imodzi. Mtengo wofikira pa shelefu ukakwera kuchoka pa K7,500 kufika pa K7,900, angathe kukhalabe pa K9,900, popeza phindu ndi K2,000 ndendende. Ukafika pa K8,400, phindu pa K9,900 latsala K1,500, ndipo nthawi yodutsa malire yakwana. Podutsapo asalembe K10,100 kapena K10,200, chifukwa akatero walipira kale mtengo wonse wa kudutsa malire m'maso mwa kasitomala koma walandira zochepa, ndipo pakangopita milungu ingapo adzafunika kukwezanso. Alembe K10,900, imene ikum'bwezera phindu la K2,500 ndi kum'patsa mpata wopuma mtengo woodera ukadzasunthanso, kapena K10,500 ngati anzake oyandikana nawo sanakwezebe. Achotse pepala lakale lonse n'kulemba latsopano, osati kufufuta 9 n'kulemba pamwamba pake, ndipo kasitomala akafunsa amuuze mosabisa kuti kooda kwakwera ndi ndalama zakutizakuti.

Ngati akufunabe kukhala ndi chinthu cha pansi pa K10,000 pakhomo, aode fulasiki yocheperako imene ingagulitsidwe K9,900 ndi phindu lokwanira, n'kuiika pafupi ndi yaikulu ija, iliyonse ndi pepala lake lotchula malita ake momveka.